Mwakonza pati? Tebulo loyankha woyesa thesisi ya zaumoyo

Lipoti la woyesa likafika, maso a wophunzira amathamangira pamzere umodzi wokha, wonena ngati wakhoza kapena ayi. Akaona mawu akuti wakhoza koma akonze zolakwika, mtima umakhala m'malo, foni imapita kumudzi, abale nkuyamba kufunsa za tsiku lolandira digiri. Koma pansi pa mzerewo pamakhala masamba ena awiri kapena atatu odzaza ndi ndemanga, ndipo digiriyo situluka mpaka ndemanga iliyonse itayankhidwa. Kuyankhako sikuchitika pakamwa. Kumachitika pachikalata chooneka chonyozeka, tebulo la mizere ndi madanga, limene limatsagana ndi buku lokonzedwalo pobwerera kusukulu.

Bukulo ndi limene ophunzira amalitcha thesisi. Munthu amene akuchita digiri yachiwiri ya zaumoyo wa anthu, ija imadziwika ndi zilembo za MPH, amayenera kuchita kafukufuku wakewake nkulemba zimene wapeza. Kuno ku Malawi maphunzirowa amadziwika kwambiri ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo imene idayamba mu 2021 pophatikiza sukulu ya madokotala ya ku Blantyre ndi sukulu ya anamwino ya Kamuzu. Ambiri mwa ophunzirawo si ana a sukulu ayi. Ndi anamwino, madokotala ndi akuluakulu a zaumoyo m'maboma, anthu oti masana ali pantchito, thesisi amalemba usiku ana atagona. Akamaliza, bukulo limawerengedwa ndi oyesa, kawirikawiri wina wa pasukulu pomwepo ndi wina wochokera kunja kwa sukuluyo. Oyesawo amalemba zimene ziyenera kukonzedwa, ndipo sukulu imapereka nthawi yoti zikhale zitakonzedwa. Kutalika kwa nthawiyo kumadalira malamulo a sukulu komanso kukula kwa zolakwikazo.

Tebulo lenilenilo ndi losavuta kulijambula. Limakhala ndi madanga anayi otsika. Loyamba ndi la nambala ya ndemanga. Lachiwiri ndi la mawu a woyesa, okoperedwa monga momwe adawalembera, osafupikitsa kapena kuwafewetsa. Lachitatu ndi la yankho, lonena chimene wophunzira wachita. Lachinayi limanena tsamba ndi ndime pamene kusinthako kwachitikira m'buku latsopano. Mzere uliwonse wopingasa umanyamula ndemanga imodzi. Ngati woyesa wafunsa zinthu zitatu m'chiganizo chimodzi, monga amachitira ambiri, chiganizocho chimagawidwa m'mizere itatu, 7a, 7b ndi 7c, kuti funso lovuta lisabisale kumbuyo kwa awiri osavutawo.

Kujambula nkosavuta, koma kudzaza danga lachitatu ndi kumene kumasiyanitsa amene waimvetsa ntchito yake ndi amene akungofuna kuti zimuchoke. Kuti zimenezi zioneke bwino, nachi chitsanzo chongoyerekeza, koma chomangidwa pa zolakwika zimene oyesa amakumana nazo chaka ndi chaka. Thesisi ndi tebulo lake zimalembedwa m'Chingerezi. Pano mawu ake aikidwa m'Chichewa.

Namwino wina wachita kafukufuku wa kupinimbira kwa ana osakwana zaka zisanu m'dera lozungulira chipatala chaching'ono chakumudzi. Kupinimbira ndi pamene mwana ali wamfupi kwambiri poyerekeza ndi zaka zake, chifukwa cha kusadya mokwanira ndi kudwaladwala kwa nthawi yaitali. Namwinoyo adasankha midzi 20, m'mudzi uliwonse nkuyeza ana 20, onse pamodzi 400. Woyesa wakunja wamubwezera ndemanga 23. Pasanathe sabata, tebulo lafika pa desiki ya supavaiza wake, ndipo m'danga lachitatu, kuyambira pamwamba mpaka pansi, muli liwu limodzi lobwerezedwa ka 23: ndakonza.

"Mayi, mwakonza pati?" akufunsa supavaiza. "Mukufuna oyesa awerengenso masamba 90 kufunafuna zimene mwachita?"

Funsoli ndi limene tebulo lidapangidwira. Woyesa adaliwerenga bukulo miyezi ingapo yapitayo, ndipo kuchokera apo wawerenga mabuku a ophunzira ena. Sangakumbukire chimene chidali pa tsamba 41. Amene akutsimikiza kuti zokonzazo zachitika, kaya ndi woyesa wa pasukulupo kapena supavaiza, amagwira tebulo m'dzanja limodzi, buku m'dzanja linalo, nkumatsata mzere ndi mzere. Liwu lakuti ndakonza silimuuza chimene chidalipo kale, chimene chilipo tsopano, ngakhale pamene angachipeze. Limangomupempha kuti akhulupirire, pomwe ntchito yake ndi yoona ndi maso.

Ndemanga zina nzopepuka ndithu. Dzina la boma lalembedwa molakwika, mutu wa tebulo wasowa, chidule cha mawu sichidatanthauziridwe. Izi yankho lake ndi chiganizo chimodzi ndi nambala ya tsamba, basi. Mwa ndemanga 23 zija, mwina 15 nzotere. Zotsalazo ndi zimene zimadya tulo.

Ana 20 amene adasowa

Ndemanga ya nambala 9 ikuti: "Chidule chikunena za ana 400, koma manambala a mu tebulo 3 akuphatikizana kukhala 380. Ana 20 ali kuti?"

Njira yachidule, imene ophunzira otopa amaiganizira, ndi kusintha nambala imodzi kuti igwirizane ndi inzake. Imeneyo si kukonza, ndi kukwirira. Namwinoyo akuyenera kubwerera ku mafomu ndi ku fayilo ya manambala. Kumeneko akupeza kuti ana 14 adalibe tsiku lobadwa lodziwika, chifukwa bukhu la kusikelo lidatayika ndipo owasamalira sadathe kukumbukira mwezi. Popanda zaka zenizeni, kompyuta singathe kunena ngati mwana ndi wamfupi poyerekeza ndi msinkhu wake. Ana ena 6 adali ndi miyeso yosatheka, monga mwana wa zaka zitatu wolembedwa kuti ndi wotalika masentimita 49, pomwe woyeza ayenera kuti ankafuna kulemba 94. Miyezo ya kakulidwe ka ana imene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa mu 2006 imati mwana ndi wopinimbira ngati nambala yake ya kutalika poyerekeza ndi zaka ili pansi pa −2, ndipo nambala yotsika kupitirira −6 kapena yokwera kupitirira +6 imatengedwa kuti ndi yokayikitsa. Pulogalamu ya pakompyuta idawasiya anawo mwakachetechete, wolembayo osazindikira.

Apa mpamene nkhani ikukulira. Ana opinimbira adapezeka 152. Namwinoyo adagawa 152 ndi 400 nkupeza 38 peresenti. Koma ana amene adayezedwadi bwino ndi 380, ndipo 152 mwa 380 ndi 40 peresenti. Nambala yaikulu ya kafukufuku yense yasintha. Ndipo nambalayo sili pamalo amodzi. Ili m'chidule cha kumayambiriro, ili m'mutu wa zotsatira, ili pachithunzi, ili m'mutu wokambirana, ili m'mawu omaliza. Woyesa adaloza malo amodzi, koma malo oyenera kukonza ndi asanu. Wophunzira wosamala amafufuza nambala 38 ndi 400 m'buku lonse ndi `Ctrl+F`, nkuona paliponse pamene zatulukira.

Yankho loyenera m'danga lachitatu likhoza kumveka motere: "Oyesa anena zoona. Ana 400 adalembedwa, koma 14 adalibe tsiku lobadwa ndipo 6 adali ndi miyeso yosatheka, choncho owerengedwa ndi 380. Chiwerengero cha opinimbira chasintha kuchoka pa 38 kufika pa 40 peresenti. Ndaonjezera chithunzi 2 chosonyeza ana amene adatsala pagawo lililonse." M'danga lachinayi nkulemba masamba onse asanu, limodzi ndi tsamba la chithunzi chatsopanocho. Chithunzi chotere si nzeru ya woyesa mmodzi. Ndondomeko ya STROBE, imene idatuluka mu 2007 ndi mfundo 22 zotsogolera kalembedwe ka kafukufuku wa mtundu uwu, imapempha wolemba kunena chiwerengero cha anthu pagawo lililonse ndi zifukwa zimene ena adatsalira.

Kusiyana kwa 38 ndi 40 kungaoneke kochepa. Koma woyesa akaona kuti wophunzira wadzipezera yekha malo ena anayi amene iye sadawatchule, amawerenga mizere yotsalayo ndi mtima wina. Akapeza 40 m'tebulo ndi 38 m'chidule, amayamba kukayikira chilichonse.

Ndemanga yotsatira ikukhudza chiganizo chimene namwinoyo ankachinyadira. Adalemba kuti ana a amayi amene sadamalize sukulu ya pulayimale ali pachiopsezo cha kupinimbira kawiri ndi theka kuposa anzawo. Woyesa walemba pambali pake kuti nambalayo yatanthauziridwa molakwika.

Manambala ake ali motere. Mwa ana 200 a amayi osamaliza pulayimale, 100 ndi opinimbira, kutanthauza theka. Mwa ana 180 a amayi omaliza, opinimbira ndi 52, pafupifupi 29 peresenti. Munthu wamba akagawa 50 ndi 29 apeza 1.7. Nanga kawiri ndi theka wachokera kuti? Wachokera ku nambala imene pulogalamu ya ziwerengero imatulutsa, yotchedwa OR. Nambala iyi siyerekeza opinimbira ndi ana onse a m'gulu, koma imayerekeza opinimbira ndi osapinimbira. M'gulu loyamba muli opinimbira 100 kwa osapinimbira 100. M'gulu lachiwiri muli 52 kwa 128. Kugawa ziwirizi kumapereka 2.46. Masamu ake ngolondola, cholakwika ndi kuiwerenga ngati chiopsezo. Vuto likakhala losowa, lopezeka mwa munthu mmodzi kapena awiri pa 100, nambala ziwirizi zimayandikana ndipo kusokonezako sikupweteka kwambiri. Likakhala lofala ngati kupinimbira, OR imathawa patali, nkulikuza kusiyanako.

Wophunzira ali ndi njira ziwiri, ndipo tebulo liyenera kunena imene wasankha. Akhoza kusunga OR nkusintha mawu paliponse kuti asanenenso za chiopsezo. Kapena akhoza kuwerengeranso ndi kupereka nambala yoyerekeza kuchuluka kwa vutolo m'magulu awiriwo, yomwe pano ndi 1.73. Njira yachiwiriyi ndi yabwino koposa kwa buku limene lidzawerengedwe ndi akuluakulu a zaumoyo m'boma, chifukwa iwo akamva kawiri ndi theka adzamva monga momwe aliyense amamvera. Yankho lake litchule tebulo limene lawerengeredwanso, nambala yakale, nambala yatsopano, ndi ziganizo zimene zasintha.

Pafupi ndi ndemangayi pali ina yofuna kungosintha liwu, koma liwu lolemera. Namwinoyo adalemba kuti kutsegula m'mimba kumayambitsa kupinimbira, chifukwa ana amene adatsegula m'mimba m'masabata awiri apitawo ambiri adali opinimbira. Koma iye adayeza ana onse kamodzi kokha, ngati kujambula chithunzi. Kupinimbira kumamangika kwa miyezi ndi zaka. Matenda a sabata yatha sangafupikitse mwana amene adali wamfupi kale. Nkuthekanso kuti mwana wofooka ndi amene amagwidwa msanga ndi matendawo. Kafukufuku wa mtundu uwu amangoonetsa kuti zinthu ziwiri zimapezekera limodzi. Choncho liwu lakuti kuyambitsa liyenera kuchoka, osati pa tsamba limene woyesa wazunguliza lokha, koma m'buku lonse, makamaka m'malangizo a kumapeto, kumene limakonda kutsalira.

Zimene sizingabwezedwe

Pali zolakwika zina zimene kulembanso sikungazichotse, chifukwa zidachitika kumudzi, chaka chatha. Ndemanga ya nambala 5 ndi yotere: "Ana adasankhidwa m'midzi, koma kawerengedwe ka chiwerengero cha ana ofunika sikadaganizire zimenezo."

Pokonzekera kafukufuku, namwinoyo adagwiritsa ntchito fomula yodziwika bwino, `n = z²p(1−p)/d²`, ndipo idamupatsa ana 383, iye nkukweza kufika pa 400. Fomulayi imaganiza kuti mwana aliyense watoledwa payekha mwamaere m'dera lonse. Koma ana a mudzi umodzi amafanana. Amamwa madzi a mjigo umodzi, minda ya makolo awo idalandira mvula yofanana, mtunda wopita kusikelo ndi womwewo. Ana 19 a mudzi umodzi sapereka uthenga wochuluka ngati ana 19 ochokera m'midzi 19 yosiyana.

Namwinoyo sangabwerere kukayeza ana ena. Anawo akula, ndalama zidatha, chilolezo chidatha nthawi. Chimene angachite ndi kuuza kompyuta zoona za momwe ana adasankhidwira. Mu pulogalamu ya Stata, imene ophunzira ambiri a zaumoyo amagwiritsa ntchito, zimatenga mizere iwiri:

```
svyset mudzi
svy: proportion kupinimbira
```

Tinene kuti zotsatira zaonetsa kuti kufanana kwa ana a mudzi umodzi kwakulitsa kukayikira ka 1.9. Ndiye kuti ana 380 aja akulemera ngati ana 200 osankhidwa payekhapayekha. Nambala ya 40 peresenti sikusintha, koma malire ake akufutukuka. Poyamba buku linkanena kuti chiwerengero chenicheni cha m'deralo chili pakati pa 35 ndi 45. Tsopano liyenera kunena kuti chili pakati pa 33 ndi 47. Zina zimene zinkaoneka kuti zikugwirizana ndi kupinimbira zikhoza kufooka, mwina nkugweratu, ndipo ndime imene inkazikamba iyenera kulembedwanso.

Zimapweteka kulemba m'tebulo kuti chimene udachitcha chotsatira chachikulu sichikuimanso. Komabe mzere umenewu ndi umene umaonetsa kuti munthu wayenera digiri yake. Yankho lake linene zinthu zitatu mosabisa: kuti chiwerengero cha ana sichingasinthidwenso, kuti masamu abwerezedwa moganizira midzi ndipo malire afutukuka motere, ndi kuti vutoli lalembedwa m'ndime ya zofooka za kafukufuku, tsamba lakutilakuti.

Pomwepa pali msampha wina. Woyesa wadandaulanso kuti mawu oyamba a bukulo akuti ana 47 mwa 100 aliwonse m'Malawi ndi opinimbira. Nambalayi ndi yoona, koma ndi ya kafukufuku wa dziko lonse wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa mu 2010. Kafukufuku wotsatira, wa mu 2015 ndi 2016, wochitidwa ndi ofesi ya boma ya ziwerengero ya ku Zomba, adapeza 37 mwa 100. Wina adachitikanso mu 2024, ndipo wolemba lero ayenera kutsegula lipoti lake. M'mawu oyamba nambala yakaleyo ichoke, kapena ikhale ndi chaka chake pambali. Koma nambala yomweyo ya 47 ndi imene namwinoyo adaika mu fomula ija nkupeza 383. Pamenepo asaisinthe. Mutu wofotokoza njira za kafukufuku ndi mbiri ya zimene zidachitikadi, ndipo akalembamo 37 akhala akunena kuti adachita chimene sadachite. Tebulo lifotokoze kusiyanaku m'chiganizo chimodzi, kuti woyesa akaona 47 yotsalayo asaganize kuti yaiwalika.

Kukana mwaulemu

Ophunzira ambiri amaganiza kuti ndemanga iliyonse ya woyesa ndi lamulo. Kumene anthu adakula akuphunzitsidwa kusatsutsa wamkulu, kulemba kuti sindidachite kumamveka ngati mwano. Zotsatira zake nzoipa koposa. Ena amalemba kuti akonza pomwe sadakhudze chilichonse, poganiza kuti palibe adzaone. Ena amaudumpha mzerewo, tebulo nkuchoka pa 17 kupita pa 19.

Ndemanga ya nambala 18 ikuti namwinoyo aonjezere ngati amayi a anawo ali ndi kachirombo ka HIV kapena ayi, popeza zimenezo zimakhudza kakulidwe ka mwana. Mfundoyo ndi yanzeru. Ndipo namwinoyo, pokhala wogwira ntchito pachipatalapo, angathe kutsegula kaundula nkupeza mayankho tsiku limodzi. Koma sayenera kutero. Kafukufuku wa zaumoyo wokhudza anthu amayamba wavomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga ya ku KUHeS kapena NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo. Komitiyo idavomereza mafunso amene idawaona. Amayi aja adasaina kapena kudinda chala pafomu yovomera kuti ana awo ayezedwe ndi kuti afunsidwe za chakudya ndi sukulu. Za magazi awo sadavomere. Pempho la woyesa silisintha lonjezo limenelo.

Yankho lake likhoza kukhala ili: "Ndikuthokoza oyesa chifukwa cha mfundoyi, ndipo ndikuvomereza kuti ndi yofunika. Funsoli silidali m'ndondomeko imene komiti idavomereza kapena m'fomu imene amayi adasaina, choncho sindingathe kulionjezera. Ndalemba kusowa kwake ngati chofooka cha kafukufukuyu pa tsamba 68, ndafotokoza momwe kungakhudzire zotsatira, ndipo ndalangiza pa tsamba 72 kuti kafukufuku wamtsogolo adzalifunse." Mulibe mwano m'mawu amenewa. Muli chifukwa, muli chimene chachitika m'malo mwake, muli tsamba. Oyesa nawonso ndi ochita kafukufuku, ndipo amadziwa malire a chilolezo.

Kukana kotere kumafuna chifukwa chochokera m'ntchito yeniyeniyo. Kuchepa kwa nthawi si chifukwa. Kunena kuti supavaiza adati zili bwino si chifukwanso. Ndipo wophunzira amene wakana ndemanga 10 mwa 23 ayenera kudzifunsa ngati akuteteza choona kapena akungoteteza thukuta lake. Nthawi zina woyesa amafunsa chinthu chimene chili kale m'buku. Apo ndi bwino kuganiza kuti ngati katswiri sadachione, ndiye kuti chidabisika. Chisunthidwe kapena chilembedwe momveka, tebulo nkunena kuti chinali pati ndipo tsopano chili pati.

Zimachitikanso kuti oyesa awiri atsutsana. Wina akuti mutu wa zimene ena adalemba kale ndi wautali, ufupikitsidwe. Mnzake akuti uonjezeredwe. Wophunzira asasankhe mwakachetechete amene wamukomera. Akhale pansi ndi supavaiza, agwirizane njira, ndipo m'mizere yonse iwiri alembe kuti ndemangayi ikukumana ndi ya woyesa winayo, nkunena chimene chachitika. Kawirikawiri awiriwo amakhala akunena zinthu zosiyana: wina watopa ndi nkhani za maiko akutali zosakhudzana ndi funso, winayo akusowa zimene zidapezeka kuno kwathu.

Danga lachinayi, la masamba, ndi limene limaononga matebulo abwino. Wophunzira amayamba ndi ndemanga yoyamba, nkulemba tsamba 12. Pofika pa ndemanga ya nambala 9 waonjezera chithunzi, ndipo zonse za pambuyo pake zasunthira kutsogolo. Pomaliza, theka la manambala a masamba likuloza malo olakwika, woyesa nkutsegula tsamba 68 osapezapo kanthu. Nchifukwa chake danga limeneli limadzazidwa pomaliza penipeni, buku litatsekedwa nkusungidwa ngati PDF, ndipo masambawo atengedwe m'kope lomwelo limene litumizidwe. Kutchulanso nambala ya mutu ndi ndime, monga 4.3, kumathandiza, popeza imeneyo sisuntha ngakhale kompyuta ya woyesa itayala masamba mosiyana. M'mabuku a zaumoyo, m'mene zolembedwa za ena zimatchulidwa ndi manambala motsatana, kuonjezera lipoti limodzi m'mawu oyamba kumasuntha manambala onse otsatira, choncho mndandanda wa kumapeto nawo uyenera kuonedwanso. Masukulu ambiri amafunanso makope awiri, loyera ndi lina loonetsa zosintha, lopangidwa ndi `Track Changes` kapena lopakidwa mtundu, ndipo tebulo linene kuti masamba ake akutsata kope liti.

Zonsezi si mwambo wa sukulu chabe. Wophunzira amene adzatumize zotsatira zake ku magazini ya akatswiri a zachipatala adzakumananso ndi tebulo lomweli, poyankha anzake amene adzaunike nkhani yake asanaisindikize. Ndipo thesisi ya zaumoyo sithera mu laibulale. Nambala ya m'chidule chake ndi imene wophunzira wina adzaike mu fomula yake chaka chamawa, ndi imene mkulu wa zaumoyo m'boma angaitchule popempha chakudya chopatsa thanzi cha ana a m'deralo. Ikakhala 38 pomwe iyenera kukhala 40, kapena kawiri ndi theka pomwe iyenera kukhala 1.7, cholakwikacho chimayenda ndi dzina la yunivesite pamwamba pake, ndipo amene akuchitenga alibe njira yodziwira.

Tebulo lachiwiri la namwino uja lidatenga masabata atatu, osati imodzi, ndipo lidakwana masamba asanu ndi limodzi. Mizere 15 inali ya chiganizo chimodzi. Itatu inanena poyera kuti manambala asintha. Umodzi unakana, ndi chifukwa chake.

Inu amene muli ndi lipoti la woyesa m'manja, musanatumize tebulo lanu, lipatseni mnzanu amene sadawerengepo buku lanu. Asankhe mizere isanu mwamaere, atsegule masamba amene mwatchula, ndipo akuuzeni ngati wapeza zimene mwanena. Akasochera pa mzere umodzi, bwererani ku danga lachinayi, muone mizere yonse.